Miyezi 8 ndikuyeza chekisamu ndisanafufute mavidiyo a makasitomala

"Achimwene, za chekisamu zija munkanena zija mukupangabe? Ine ndimangoona saizi ya foda ikafanana ndadilita basi, nthawi palibe."

Eya achimwene ndikupangabe, miyezi 8 tsopano, ndipo sindisiya. Chekisamu ndi manambala ndi zilembo zomwe kompyuta imatulutsa ikawerenga fayilo, zoonera ngati yokopedwayo ikufanana ndi yoyambayo. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe za a Malawi anzathu kuno ku Joni, ndimakhala ku Rosettenville, ndiye hadi draivu yogwirira ntchito imadzaza msanga, ndimasamutsira zakale mu ina yayikulu ya 4 TB yodya magetsi apakhoma kenako kufufuta koyambako. Kufufutako ndiye kumandiopsa, ukwati wa munthu sungamuuze kuti abwereze.

Njira yake sinasinthe. Pa laputopu yanga ya Ubuntu ndimalowa kaye mu foda yoyambayo n'kupanga mndandanda:

```
find . -type f -exec sha256sum {} + > ~/ukwati.sha256
```

Fayilo iliyonse imawerengedwa yonse mpaka kumapeto n'kutulutsa manambala ndi zilembo 64, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kakasintha mkatimo zilembo zija zimatuluka zina. Ndikamaliza kukopa ndimalowa mu foda yatsopanoyo:

```
sha256sum -c --quiet ~/ukwati.sha256
```

Ikamaliza osalemba kanthu ndiye kuti zonse zafanana. Mndandandawo muziusunga kunja kwa foda mukuyezayo, ndipo muzilowa mu foda yeniyeniyo musanayambe, apo ayi mudzangoona FAILED open or read mzere uliwonse mtima n'kugunda chabe.

Pa miyezi yonseyi yandigwirira vuto kamodzi kokha, koma kamodziko kanandikwana. Ndinkasamutsa 812 GB, mafayilo 3,140, magetsi anathima pakati, laputopu inapitiriza ndi batire koma draivu yayikulu ija inazima. Atayaka ndinayambiranso n'kusankha kuti idumphe mafayilo omwe alipo kale. Kumapeto chiwerengero chinali 3,140 uku ndi uku, saizi chimodzimodzi, kale ndikanafufuta pompo ndithu. Koma nditayeza panatuluka fayilo imodzi yolembedwa FAILED, pansi pake WARNING: 1 computed checksum did NOT match. Inali vidiyo ya ku tchalitchi ya 11 GB, kuitsegula ikusewera bwinobwino koyambirira, kufika chapakati chithunzi kuuma, malumbiro onse ali mbali yowonongekayo. Saizi imangokuuzani kutalika kwa fayilo, za mkatimo siidziwa. Ndinaikopanso yokhayo, kuyezanso, zii, ndiye ndinafufuta.

Chomwe ndinasintha patapita miyezi iwiri ndi ichi, ndikamaliza kukopa sindiyeza nthawi yomweyo. Kompyuta imasunga mu RAM zomwe yangolemba kumene, ndiye mutha kuyeza zomwe zili mu memore osati zomwe zakhaladi pa disiki, makamaka mafayilo omalizira. Ndimaichotsa kaye draivu mwa dongosolo, kuzula chingwe, kulumikizanso, kenako kuyeza.

Choipa chake ndi nthawi, apa mukunena zoona. Draivu zangazi pa USB 3 zimayenda pafupifupi 100 MB pa sekondi, ndiye 812 GB ndi maola awiri ndi kota kuwerenga koyambako, enanso otero kukopa, enanso kuyeza, tsiku latha. Tsiku lina ndinalumikiza pa bowo la USB 2 osazindikira zinatenga usiku wonse. Pano ndimangoisiya usiku ndikamagona, kapena ndikamapita kukajambula, imagwira yokha sifuna kuiyang'anira.

Musaikhulupirire mopitirira muyeso komanso. Chekisamu imangotsimikiza kuti kopeyo ikufanana ndi zomwe zinali koyamba pa nthawi munapanga mndandanda, ngati fayilo inawonongeka kale pa memore khadi ya kamera izo siiona, ingovomereza. Fayilo yomwe mwaiwonjeza mu foda mndandanda utapangidwa kale simo, siiyezedwa, ndiye ndimaonetsetsa kuti mizere ya mu mndandanda ikufanana ndi chiwerengero cha mafayilo ndisanadilite. Ndipo mukafufuta koyambako mwatsala ndi kope imodzi yokha, draivu ikagwa pansi chekisamu sibweza kanthu, nchifukwa chake maukwati omwe eni ake sanatengebe ndimawasunga pawiri.

Inu muli pa Windows eti? Mu PowerShell muli `Get-FileHash`, nayonso imagwiritsa SHA-256 mukapanda kuiuza china, mukaipatsa fayilo yoyambayo kenako yokopedwayo mumangofananiza zilembozo, kwa fayilo imodzi yayikulu ya zipi zimakwana. Mindandanda yanga sinditaya, mwezi watha ndinayezanso foda ya 812 GB ija ndi mndandanda womwe uja, inadutsa yonse osalemba kanthu.