Zapier, Make ndi n8n: kawerengedwe ka bilu pa malisiti a soya

Zapier, Make ndi n8n ndi zida za pa intaneti zolumikiza mapulogalamu kuti ntchito iziyenda yokha, sitepe ndi sitepe. Musanayang'ane mtengo wake, dziwani chimene chilichonse chimawerenga, chifukwa sizifanana. Zapier imawerenga `task`, ndipo sitepe iliyonse yagwira ntchito bwinobwino ndi `task` imodzi, koma sitepe yoyambitsa siwerengedwa. Make imawerenga `operation`, imene masiku ano imalipiridwa ndi `credit`, nthawi iliyonse modyulo, kutanthauza sitepe ya mu Make, yayenda, ngakhale ija yoyamba yongopita kukasuzumira ngati kwabwera chatsopano. n8n imawerenga `execution`, kutanthauza ulendo wonse kuchokera poyambira mpaka pomaliza, kaya masitepe ndi atatu kaya makumi atatu.

Tiyerekeze ndi gulu logula soya lokhala ndi ofesi ku Chipata ndi masikelo ku Katete ndi ku Chadiza. Kalaliki wa pasikelo amalemba lisiti pa foni mu KoboCollect, pulogalamu ya Kobo yodzazira mafomu. Lisiti likafika, makinawo amafufuza mlimi mu Google Sheets kuti apeze nambala yake ya foni, amalemba mzere watsopano wa makilo ndi ndalama, amatumiza SMS kwa mlimiyo, kenaka imelo kwa manijala. Tinene kuti pa nyengo yogula malisiti ndi 40 patsiku, masiku ogwira ntchito 26. Pamwezi ndi malisiti 1,040, ndipo lililonse limadutsa masitepe anayi.

Ku Zapier masamu ake ndi achidule: 1,040 kuchulukitsa ndi 4, `task` 4,160. Pulani yaulere imapatsa 100 pamwezi ndipo imalola sitepe imodzi yokha pambuyo pa yoyambitsa, choncho pa ntchito ngati iyi musaiganizire n'komwe.

Ku Make ndi kumene ambiri amadabwa. Masitepe anayi aja ndi 4,160 yomweyo, koma ngati mwaika kuti modyulo yoyamba izisuzumira mphindi 15 zilizonse, imayenda ka 96 patsiku, usiku ndi Lamulungu lomwe. Pamasiku 30 ndi 2,880, zonse pamodzi 7,040. Zili ngati kulipira wanjinga kuti azipita kusiteshoni mphindi 15 zilizonse kukaona ngati katundu wafika, ngakhale pakati pa usiku basi isanayambe n'komwe ulendo. Pulani yaulere ya Make ndi 1,000 pamwezi, ndiye kuti kusuzumira kokhako kukhoza kuimaliza pamasiku khumi ndi limodzi popanda lisiti ndi limodzi lomwe. Mudzazindikira vutoli mukatsegula `History`, tsamba losonyeza maulendo onse amene ayenda, n'kupeza mizere yambirimbiri ya `operation` imodzi imodzi.

Ku n8n, ngati Kobo ikutumiza lisiti lililonse pa `Webhook`, adiresi ya pa intaneti yolandirira lisiti likangolembedwa popanda kusuzumira, ndi `execution` 1,040 basi. Koma nayo ili ndi msampha wake. Mukayambitsa ndi `Schedule Trigger` ya mphindi 15, ulendo uliwonse umawerengedwa ngakhale usapeze kanthu, ndipo mwafika pa 2,880.

Manambala amenewa asakunyengeni kuti n8n ndi yotsika mtengo kanayi. `task` imodzi, `credit` imodzi ndi `execution` imodzi zili ndi mitengo yosiyana, ndipo kawirikawiri ya Make imatsika kwambiri poyerekeza ndi ya Zapier. Nambala imene mwapeza muitengere pa tsamba la mitengo la kampaniyo, muone pulani imene ikukwanira. Kulipira kwake ndi kwa ndalama zakunja, choncho m'makwacha bilu imasuntha ngakhale inu musanasinthe kanthu.

Tsopano kudula. Imelo ya manijala pa lisiti lililonse ndi yoyamba kuchotsa, chifukwa palibe bwana amene amawerenga maimelo 40 patsiku. Ikani ulendo wina wa madzulo wowerenga mizere ya tsikulo, kuiphatikiza ndi kutumiza imelo imodzi. Ku Make amenewo ndi mamodyulo atatu, pamasiku 26 ndi 78 m'malo mwa 1,040. Ku Zapier chida cha `Digest` chimasonkhanitsa zinthu mofananamo.

Chachiwiri ndi kufufuza mlimi. Sitepe imeneyi ilipo chifukwa fomu sinyamula nambala ya foni. Kobo imalola kumata fayilo ya CSV ya alimi pa fomu n'kugwiritsa ntchito `pulldata()`, kuti kalaliki akalemba nambala ya umembala, dzina ndi foni zizibwera zokha pa foni yake, ngakhale kopanda netiweki. Lisiti limafika lili lathunthu, ndipo 1,040 ina yachoka. Mtengo wake ndi woti mlimi watsopano akalembetsa, wina ayenera kukonza fayiloyo ndipo makalaliki atsitsenso fomu.

Atsala masitepe awiri, mzere ndi SMS. Zapier yatsika kuchoka pa 4,160 kufika cha pa 2,100. Ku Make funso latsala pa choyambitsa. Anthu amakonda kunena kuti `Webhook` imaposa kusuzumira nthawi zonse, koma werengani: `Webhook` imadya `operation` imodzi pa lisiti lililonse, 1,040 pamwezi, pamene kusuzumira mphindi 30 zilizonse kwa maola khumi a ntchito ndi ka 20 patsiku, 520 pamwezi, poti modyulo yoyambayo imawerengedwa kamodzi ngakhale ibwere ndi malisiti asanu. Njira yoyamba imakufikitsani cha pa 3,200, yachiwiri cha pa 2,680. Kusiyana kwake n'koti mlimi akhoza kudikira SMS theka la ola. Ineyo ndingalipire `Webhook` pa miyezi yogula, chifukwa mlimi amene wasiya matumba ake pasikelo amafuna umboni asanakwere njinga, ndipo miyezi yopanda malonda siidya kanthu. Ku n8n kudula konseku sikusintha nambala, m'malo mwake ulendo wa madzulo uja umawonjezera 26.

Ngati pali malisiti osafunika SMS, monga oyeserera, ikani `Filter` patsogolo pa sitepeyo. Ku Zapier ndi ku Make kusefako sikuwerengedwa, koma mukaiika kumapeto ndiye kuti mwalipira kale zonse zam'mbuyo.

Pali bilu ina imene imaiwalika, ya kampani yotumiza SMS, ndipo imeneyi ndi yofanana kaya mwasankha chida chiti. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma chilembo cha ŵ sichili m'gulu la zilembo wamba za SMS. Chikalowa chimodzi chokha, malire amatsika kufika pa 70, ndipo uthenga wa zilembo 150 umagawika patatu. Malisiti 1,040 asanduka ma SMS 3,120 chifukwa cha kachipewa kamodzi. Lembani w wamba. Kumbukiraninso kuti makalaliki ena a kumidzi amatumiza malisiti onse pakamodzi akapeza netiweki madzulo, ndipo Google Sheets imalola kulemba ka 60 pa mphindi kwa munthu mmodzi. Tsiku la msika mukaona `429` m'zolakwika, chifukwa chake n'chimenecho, ndipo kubwereza maulendo olepherawo kumawonjezera pa chiwerengero.

Kwa gulu ngati ili ine ndingatenge Make, bola pakhale munthu woyang'ana `History` sabata iliyonse. Zapier ndi yosavuta kuphunzira ndipo imayenera ofesi ya malisiti ochepa, koma sitepe iliyonse yowonjezera imamveka m'thumba. n8n imapambana masitepe akachuluka, ndipo mukaiika pa seva yanu simulipira pa `execution`. Koma musaiike pa kompyuta ya mu ofesi, chifukwa magetsi akazima `Webhook` ilibe poti ifikire. Pamafunika seva yobwereka ya pamwezi ndi munthu wodziwa kuisamala ndi kusunga makope a deta, ndipo malipiro a munthuyo muwaike pa masamu anu musanayerekeze ndi mtengo wa `credit` 3,200 za Make.