Kulondolera mlendo kuchokera ku depoti: uthenga wolemba, wamawu kapena chizindikiro cha pamapu?

Mlendo amene akutsika basi ku depoti ya Lilongwe koyamba amafikira m'phokoso la oyitanira ndi akabaza, katundu ali kumutu, foni itatsala pang'ono kuzima chifukwa cha ulendo. Njira yomulondolera iyenera kuyesedwa pamalo oterowo. Tiyerekeze kuti azakhali akuchokera ku Ntcheu ndipo akubwera kwanu ku Eriya 25, chakufupi ndi msika wa Nsungwi.

Achinyamata ambiri amathamangira kutumiza chizindikiro cha malo pa WhatsApp, chomwe chimatsegula mapu ndi kuloza pamene pali nyumba. Ubwino wake ndi woti chimaloza pafupi kwambiri ndi khomo lanu, ndipo wataksi kapena wanjinga yamoto amene ali ndi foni yamakono akhoza kufika pageti osafunsa munthu. Koma chimafuna bandulo, netiweki ndi batire, komanso kuti azakhali aitulutse foniyo pagulu la anthu, pamene nzeru ndi kuibisa. Vuto lalikulu ndi loti mapu amasonyeza kumene kuli nyumba, koma sanena minibasi yoti akwere kapena siteji yotsikira. Tinjira ta pakati pa nyumba nthawi zina sitioneka n'komwe.

Uthenga wojambula mawu umawakomera akuluakulu, makamaka amene maso akuwavuta kapena amawerenga movutikira, ndipo umamveka mwaulemu chifukwa akumva mawu a mwana wawo. Komabe mu depoti mawu samveka bwino, ndipo munthu akaiwala dzina la siteji ayenera kumvetseranso uthenga wonse kuti apeze liwu limodzi. Kuimba foni kuli ndi vuto lomwelo, kuwonjezera poti mukangodula, zonse zatsala m'mutu mwa munthu wotopa.

Ine ndimaika patsogolo uthenga wolemba, wotumizidwa dzulo lake mlendo asananyamuke. Ukapita ngati SMS umalowa ngakhale m'kafoni ka mabatani, sufuna bandulo powerenga, ndipo azakhali akhoza kuonetsa kondakitala mzere umene pali dzina la siteji. Malire ake ndi oti SMS imodzi imatenga zilembo 160 zokha, choncho uthenga wautali umadya mayunitsi a mauthenga angapo. Ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi kufunafuna munthu wosochera madzulo. Uthenga wake ungakhale wotere:

“Azakhali, mukafika pa Nathenje mundiflashe kuti ndidziwe kuti mwayandikira. Mutsike ku depoti yaikulu, osati panjira. Mukwere minibasi ya ku Eriya 25 yopita ku Nsungwi, ndipo musanakhale pansi mufunse kondakitala ngati ikufikadi pa Nsungwi. Mukatsika, msika ukhale kudzanja lanu lamanja, muyende mpaka mupeze chigayo. Mukhote kumanzere pachigayopo, mudutse nyumba zitatu, yachinayi ya geti lobiriwira ndi yathu. Mukaona kuti mwafika pamjigo ndiye kuti mwapitirira, mubwerere pang'ono. Mukasokonezeka, muime pachigayo, ndidzakutengani.”

Mzere uliwonse mu uthengawu uli ndi ntchito imodzi, ndipo mizereyo ikutsatana monga mmene mlendo akumanirane ndi zinthuzo. Kutchula depoti yaikulu n'kofunika chifukwa mabasi ena akuluakulu ali ndi malo awoawo otsitsira anthu, ndipo malangizo oyambira pamalo olakwika amasocheretsa kuyambira pa sitepe yoyamba. Kutchula Nsungwi pamodzi ndi nambala ya dera kumateteza ku vuto lodziwika la Lilongwe, loti manambala a madera satsatana ndi malo ake: Eriya 24 ili chakummwera kwa mzinda pamene Eriya 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo, kotero mlendo amene wamva nambala molakwika amapita mbali ina kotheratu.

Mawu oti kumanja kapena kumanzere alibe tanthauzo ngati simunanene kumene munthuyo wayang'ana, n'chifukwa chake uthengawu ukuyamba waika msika kudzanja lamanja. Zizindikiro zikhale zosasuntha, monga chigayo, tchalitchi kapena mjigo, osati mayi wogulitsa tomato amene pofika madzulo amakhala atalongedza. Mzere wa mjigo ndi umene ambiri amauiwala, chonsecho ndi umene umauza mlendo kuti walakwitsa asanapite patali.

Ngati azakhali ali ndi foni yamakono, chizindikiro cha pamapu chitumizidwe ngati chowonjezera cha gawo lomaliza, kuchokera pasiteji kufika pageti. Muwauzenso mtengo wa minibasi umene mwalipira inuyo sabata yomweyo, popeza mitengo imasintha ndi mafuta, kuti akonzeretu ndalama zing'onozing'ono. Koma basi ikachedwa mpaka kufika kutada, chigayo ndi mtundu wa geti sizionekanso bwino, ndipo pamenepo muwalembere kuti akhale mkati mwa depoti pamalo owala mpaka inu mutafika kudzawatenga.