Ejenti kapena kudziyendetsera wekha nyumba za lendi uli kunja

Ine ndinayesapo zonse ziwiri, ndiye amene mwangochoka kumene mukadali kuganiza zoti nyumba mumusiyire ndani, ndikuuzeni momwe ndinazionera.

Ambirife chimatiwawa ndi komishoni. Maejenti ambiri amadula chapa 10 peresenti ya lendi mwezi uliwonse, ndipo akakupezera tenanti watsopano enanso amatenga theka la lendi ya mwezi kapena mwezi wonse. Tingoyerekeza kuti lendi ndi 1,000 pamwezi, kaya ndi ndalama ya dziko liti. Pachaka ndi 12,000, ejenti watenga 1,200. Imaoneka yambiri eti? Koma nyumba ikakhala yopanda munthu mwezi umodzi wokha mwataya 1,000, ikangopitirira pang'ono masabata asanu basi ndalama yofanana ndi komishoni ya chaka chonse yapita, ndipotu uli kunja nyumba kukhala miyezi iwiri yopanda munthu sizovuta, chifukwa woonetsa anthu nyumbayo ndani, wopentetsa ndani, makiyi ali ndi ndani?

Kudziyendetsera kumakoma tenanti akakhala wabwino. Ndalama imalowa yonse mu akaunti yako, mumalankhulana pa WhatsApp, palibe wapakati. Zanga zinayenda choncho zaka ziwiri mpaka tsiku limene paipi inaphulika mu siling'i. Meseji inabwera ine ndili mtulo poti nthawi imasiyana, podzuka madzi anali atatsika kale mpaka m'chipinda, pulambala ndinamupeza pafoni osamudziwa nkhope, ananditchula mtengo ine nkungotumiza poti ndikanatsutsa bwanji chinthu chomwe ndachiona pa chithunzi chokha? Patatha mwezi malo omwewo anayambanso kudontha.

Komanso tisanamizane, amene amati ndimayendetsa ndekha nthawi zambiri ali ndi m'bale amene amathamangathamanga. Ameneyo ndi ejenti ndithu, kungoti salipidwa, mulibe kontirakiti naye, ndipo lendi ikasokonekera simungamufunse lisiti osayambana. Ngati mwasankha njira iyi mulipireni kenakake mwezi ndi mwezi, koma lendi isamadutse m'manja mwake, tenanti aziika yekha ku banki. Ndipo pa nkhani zosaina kapena zotulutsa munthu wosalipira m'baleyo angafunike kalata yomupatsa mphamvu yoimira inuyo, yosainidwa mwalamulo, osati meseji ya pafoni.

Ejenti naye ali ndi zake. Chachikulu chili mu kontirakiti, ndipo pali mzere umodzi umene ambiri sitiwerenga: komishoni akudula pa lendi imene yatoleredwa kapena pa lendi imene imayenera kulipidwa? Ikakhala yachiwiriyi tenanti akapanda kulipira miyezi itatu ejenti 300 yake amaifunabe, ndiye angavutikirenji kulondola ngongoleyo. Kakamirani kuti azidula pa ndalama yomwe yalowa basi.

Kwinanso ndi pa zokonzakonza. Ejenti wanga woyamba mwezi uliwonse pamapezeka kenakake, lero loko, mawa mpope, kenako soketi, tindalama tating'onoting'ono toti sungadandaule, koma nditaphatikiza kumapeto kwa chaka zinaposa komishoni yeniyeniyo. Wachiwiriyu tinalemberana kuti chilichonse chosapitirira kota ya lendi, ndiye kuti 250 pa chitsanzo chathu chija, akonze osandidzutsa, chikaposa pamenepo anditumizire makoteshoni awiri ndi zithunzi asanayambe komanso akamaliza. Ngozi ngati paipi ija atseke madzi kaye, zokambirana pambuyo. Kuyambira pomwepo maloko anasiya kuwonongeka.

Ejenti amene wayamba kudya ndalama zanu mumamudziwira pa deti. Lendi imene imabwera pa 5 yayamba kufika pa 15, kenako pa 25, sitetimenti mpaka muchite kupempha, mukafunsa akuti tenanti wachedwa. Nchifukwa chake nambala ya tenanti muzikhala nayo ndipo kamodzi pa miyezi itatu mupatseni moni nkumufunsa kuti analipira liti. Funsaninso kuti dipoziti ikusungidwa kuti, chifukwa tenanti akamatuluka ejenti atasowa, mwini nyumba ndi amene amatsala ndi mlandu wobweza.

Ndiye kwa ine zili chonchi, ngati ndi nyumba imodzi, tenanti wakhalitsa ndipo amalipira yekha ku banki, muli ndi pulambala ndi wamagetsi amene munagwirapo nawo ntchito musanachoke, mutha kuyendetsa nokha bwinobwino mpaka tsiku limene tenantiyo adzapereke notisi. Koma nyumba zikakhala ziwiri zitatu, kapena ndi zija anthu amalowa nkutuluka chaka ndi chaka, ine ndimalipira 10 peresentiyo, ndipo mu kontirakiti ndimaonetsetsa kuti muli mzere woti nditha kumuchotsa ejentiyo ndi notisi ya mwezi umodzi, makiyi, dipoziti ndi mapepala a tenanti nkubwerera kwa ine.