Miyezi 10 ndili ndi sikelo m'nyumba: bondo lapepuka, msana pang'ono chabe

"Achemwali, sikelo munagula ija yakuthandizani, kapena ndalama zinangopita? Inenso bondo landiyamba." Anafunsa choncho mng'ono wanga wa ku Namwera.

Yandithandiza, ndipo ndikanati ndiyambirenso ndikanagulanso. Ndinagula zinthu ziwiri tsiku limodzi m'tauni muno mu Januwale, sikelo yagalasi yoyendera batire ndi bandeji yotanuka yovala pabondo. Bandejiyo ndi imene ndinkaidalira, koma lero ili pansi pa sutikesi. Sikelo ndimaikwerabe Lolemba lililonse.

Ndili ndi zaka 52, ndimagulitsa zitenje, ndipo tsiku lonse ndimakhala pabenchi. Bondo lamanja linayamba kundivuta zaka ziwiri zapitazo. Podzuka m'mawa linkauma kwa mphindi 10 kapena 15, pokwera minibasi linkalira ngati mukuthyola tinkhuni, ndipo kunyonyomala kuchimbudzi kunali nkhondo. Kumaliro ndinkachita manyazi chifukwa ndikakhala pamphasa, podzuka pankafunika munthu wondikoka dzanja. Dokotala anati ndi nyamakazi ya kutha kwa chicherewecherewe, kaja kosalala kamene kamakuta nsonga za mafupa kuti asamakhulane. Anandiyeza, ndinali ndi makilogalamu 89, kutalika mamita 1.58. Anawerengera ine ndikuona: kutalikako kuchulukitsa ndi 1.58 yemweyo kumapereka pafupifupi 2.5, ndipo 89 kugawa ndi 2.5 ndi pafupifupi 36. Nambala imeneyi ikafika 25 ndiye kuti thupi lapitirira, ikafika 30 ndiye kunenepa kumene madokotala amakuwerengera ngati vuto.

Ine ndinaganiza kuti andiuza kuti ndibwerere ku thupi la utsikana, makilogalamu 60, ndipo mumtima ndinali nditakana kale. Sanatero. Anati ndichotse kaye makilogalamu 4 ndi theka, omwe ndi 5 pa 100 alionse a kulemera kwanga, ndipo ndikatha ndilimbane ndi 9, omwe ndi 10 pa 100. Chifukwa chake ndi chimene chinanditsegula m'maso. Munthu akamayenda, bondo silinyamula kulemera kwake kokha ayi. Phazi likamaponda thupi lonse limatsamira mwendo umodzi, minofu ya ntchafu imakoka mwamphamvu kuti musagwe, ndipo mphamvu yofinya bondo imafika kawiri kapena katatu kulemera kwa munthuyo. Pokwera masitepe kapena ponyonyomala imaposa pamenepo. Mu 2005 ofufuza a pa yunivesite ya Wake Forest ku America anapeza kuti mwa anthu onenepa odwala nyamakazi ya bondo, kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, katundu wa pabondo amachepa ndi pafupifupi makilogalamu 4 paphazi lililonse. Gulu lomwelo mu 2013 linatulutsa zotsatira za anthu 454 amene linawatsatira kwa miyezi 18, ndipo amene anaphatikiza kusintha kadyedwe ndi masewera olimbitsa thupi, n'kutsika ndi pafupifupi 10 pa 100, ululu wawo unachepa ndi pafupifupi theka.

Lero ndili pa 81.5. Ndachotsa 7 ndi theka, ndipo mwa kuwerengera kuja bondo langa lapepukidwa makilogalamu 30 paphazi lililonse, kuposa chigubu chodzaza cha malita 20 chimene ndinkati sindingathenso kusenza. Ndikadali wonenepa, nambala ija ili pafupi ndi 33, koma bondo silinadikire kuti ndiwonde.

Za sikeloyo ndiyambe ndi zoipa zake, chifukwa mwezi woyamba inatsala pang'ono kundigwetsa ulesi. Imanama ikakhala pamalo osalingana. Chipinda changa simenti yake inakumbika pena ndi pena, ndipo ndikaisuntha pang'ono inkasintha ndi kilogalamu yathunthu. Pamkeka ndiye musayese n'komwe. Ndinapeza malo amodzi osalala pakhomo la chipinda, ndinalembapo ndi choko, ndipo imakhala pomwepo nthawi zonse. Kuti ndidziwe ngati ikunena zoona, ndimakwera ndekha, kenako ndimakweranso nditanyamula kachigubu ka malita 5 a madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho kusiyana kuyenera kukhala 5 ndi kakang'ono ka chigubucho. Batire yake ndi kandalama kaja kolembedwa `CR2032`. Inatha mwezi wachisanu ndi chiwiri, galasi linkangolemba `Lo`, ndipo ndinaipeza kwa okonza mawotchi. Sabata ziwiri isanathe manambala ankavinavina, ndiye mukaona zimenezo yambani mwasintha batire musanataye mtima.

Cholakwa china chinali changa. Ndinkakwera m'mawa, masana ndi usiku. Thupi la munthu limasintha kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa tsiku limodzi chifukwa cha madzi, mchere ndi chakudya chimene chili m'mimba. Mukadya usipa wouma wamchere madzulo, mawa sikelo ikwera, koma amenewo ndi madzi, si mafuta. Kutentha kwa Okutobala kuno kumachita zosiyana: mumatuluka thukuta tsiku lonse, madzulo sikelo n'kutsika, inu n'kusangalala pachabe. Tsopano ndimakwera kamodzi pa sabata, m'mawa nditachoka kuchimbudzi, ndisanamwe tiyi, nditavala chitenje chimodzi chomwecho, ndipo ndimalemba kumapeto kwa kope langa la ngongole. Phindu lenileni la sikelo lili m'kopemo, chifukwa makilogalamu 3 oyamba pagalasi loyang'anira nkhope saoneka, ndipo popanda manambala ndikanati palibe chikuchitika.

Zimene ndinasintha pa chakudya n'zochepa, ndipo nsima sindinaisiye. Ndinkadya mitanda itatu masana ndi itatu usiku, tsopano ndi iwiri masana, umodzi ndi theka usiku, ya mgaiwa chifukwa imakhalitsa m'mimba. Malo otsalawo ndimadzaza ndi chisoso, bonongwe, nkhwani kapena therere. Nsomba ife a kuno sitisowa, vuto ndi kakonzedwe. Utaka ndi kambuzi ndinkakazinga m'mafuta osambira, pano ndimaphika ndi tomato ndi sipuni imodzi ya mafuta, chambo ndimawotcha. Mu tiyi ndinkathira masipuni anayi a shuga kawiri pa tsiku, ndinatsitsa imodzi imodzi mpaka kufika pa imodzi. Botolo limodzi laling'ono la zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana timasipuni pafupifupi 8, ndipo ine m'nyengo yotentha ndinkamwa awiri. Chimene chinandivuta kwambiri ndi mandasi a kumsika, chifukwa amene amagulitsa ndi mnzanga wa benchi yoyandikana nayo ndipo kukana kunkaoneka ngati mwano. Tinagwirizana kuti Loweruka lokha.

Kutsika kwake sikunayende mofanana. Miyezi itatu yoyamba ndinachotsa makilogalamu 4, pafupifupi kilogalamu imodzi pa sabata zitatu zilizonse, ndipo bondo silinasinthe kwenikweni mpaka chakumapeto kwa Epulo. Tsiku limene ndinazindikira ndi limene ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi wapansi, kupita ndi kubwera, osaima pakati kugwira chitsulo. Mu Juni ndi Julayi, nthawi ya mwera, sikelo inaima pa 84 sabata zisanu ndi imodzi. Kuzizira kunandibwezera ku tiyi wambiri ndi mbatata zokazinga, komanso thupi likachepa limafuna chakudya chochepa kuposa kale, ndiye zimene zinkakutsitsani poyamba zimangokusungani pamalo amodzi. Chinandichotsa pamenepo ndi kusiya kabaza popita kumsika, ulendo wa mphindi 25, ndinkanyamuka dzuwa lisanakwere.

Kuyenda kokha sikukwanira, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu iyenera kulimba chifukwa ndi imene imagwira bondo. Anandiphunzitsa njira ziwiri zoilimbitsira. Yoyamba, kukhala pampando, kuwongola mwendo, kuwerenga mpaka 5, n'kutsitsa pang'onopang'ono, maulendo 10 mwendo uliwonse. Yachiwiri, kudzuka pampando ndi kukhalanso osagwira ndi manja, maulendo 10. Kuwawa pang'ono pochita si vuto, koma bondo likatupa kapena ululu ukafika mawa lake uli wokulirapo, ndiye kuti mwapitirira muyeso, chepetsani. Wina anandilangiza kuyenda m'madzi a m'nyanja chifukwa madzi amanyamula thupi. Nzeruyo ndi yoona, koma m'madzi osayenda a m'mabango muli nkhono za likodzo, ndiye ine ndinasankha msewu.

Bandeji ija inkandipatsa kufunda ndi mtima woti bondo lagwirika, makamaka tsiku lokaoda katundu. Koma siichotsa katundu ngakhale pang'ono. Itatha miyezi inayi inatamuka n'kumatsetsereka, ndipo kukatentha inkandiyambitsa zidzolo kuseri kwa bondo. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi, gulani sikelo. Ngati palibe n'komwe, kayezetseni kuchipatala kamodzi pa mwezi pa sikelo imodzimodziyo, kapena tengani tepi ya telala muziyeza mimba pamwamba pang'ono pa mchombo. Kwa amayi, kupitirira masentimita 88 ndi chizindikiro choti mafuta a pamimba achuluka. Ine ndinayamba ndi 104, pano ndi 96.

Msana ndiwo sunandisangalatse kwenikweni. Mimba ikakula imakokera thupi kutsogolo, minofu ya m'chiuno n'kumagwira ntchito tsiku lonse, ndiye ndinkayembekezera kuti nawonso upola. Kuwawa kwa madzulo kwachepa ndithu, koma ndikachapa chowerama kapena kunyamula belo ya zitenje umandigwirabe ngati kale. Kwa ine chimene chathandiza msana kwambiri ndi kuika beseni pa tebulo pochapa ndi kudzuka pabenchi theka la ola lililonse. Bondo nalonso silinachire, chicherewecherewe chimene chinatha sichimeranso. Kunyonyomala mpaka pansi kumandipwetekabe. Koma mapiritsi a ululu amene ndinkamwa pafupifupi tsiku lililonse, aja amawononga m'mimba ndi impso mukawazolowera, mwezi wathawu ndamwa katatu kokha.

Konzekerani mawu a anthu. Kwathu kuno kunenepa ndi ulemu, ndipo nditatsika makilogalamu 6 apongozi anga anandiitanira kuseri n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mayi, mukudwala kodi? Musatibisire." Ndinawaonetsa kope lija, anakhulupirira. Funso lawolo lili ndi nzeru yake: munthu amene akuwonda asanasinthe chilichonse, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, apite akayezetse shuga, chifuwa chachikulu ndi magazi. Chimodzimodzinso bondo lotupa mwadzidzidzi, lotentha, thupi likuphwanya, kapena msana wowawa pamodzi ndi dzanzi m'miyendo ndi kulephera kugwira mkodzo. Zimenezo si za sikelo, n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Iwe mng'ono wanga, kwanu ku Namwera n'kwa zitunda, ndipo kutsetsereka kumafinya bondo kuposa kuyenda pachidikha. Uyambe ndi njira yosalala, mphindi 10 zokha, ndipo ukayezetse kaye kuti udziwe 5 pa 100 wako ndi makilogalamu angati. Ine yatsala kilogalamu imodzi ndi theka kuti ndifike pa 80.