Matempuleti a masilaidi: ndi abwino, koma malire a mawu 25 musawadalire

Ndikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu. Matempuleti awa ndi opangira masilaidi oika pa Instagram ndi pa Status ya WhatsApp, ndipo ine ndimawagwiritsa ntchito polengeza za maphunziro a ntchito zamanja. Amabwera m'makulidwe awiri oyezedwa m'mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi pa sikirini: 1080 × 1350 a masilaidi osuntha ndi chala, ndi 1080 × 1920 odzaza sikirini yonse. Mitundu yake ndi yosankhidwa bwino, zilembo zakuda pamalo owala kapena zoyera pamalo akuda, moti ngakhale padzuwa zimawerengeka. Zimenezi sindikhalitsapo. Nkhani imene wogula ayenera kuimvetsa ndi ya kuchuluka kwa mawu.

Kabuku ka malangizo kamene kamabwera nawo kamati silaidi imodzi isapitirire mawu 25. Koma bokosi lolembamo siliwerenga mawu, limadzaza ndi zilembo. Silaidi ndi yotambalala mapikiselo 1080, ndipo opanga anasiya mpata wa 90 mbali iliyonse, choncho polembapo pamatsala 900. Zilembo za uthenga anaziika pa mapikiselo 60. Chilembo chimodzi chimatenga pafupifupi theka la kukula kwake m'lifupi, kutanthauza kuti mzere umodzi umalowa zilembo ngati 30, kuphatikizapo mipata. Bokosilo lili ndi mizere isanu. Malire enieni ndiye zilembo pafupifupi 150. Pa Chingelezi mawu 25 amakwanamo, koma mawu athu ndi aatali chifukwa mneni mmodzi amanyamula wochita, nthawi ndi wochitiridwa.

Nachi chilengezo chimene ndinapatsidwa kuti ndiike pa silaidi: "Onse amene akufuna kulembetsa maphunziro a usoki akudziwitsidwa kuti kalembera adzayamba Lolemba ndipo adzatsekedwa Lachisanu, ndipo aliyense akuyenera kubweretsa chiphaso chake pamodzi ndi zithunzi ziwiri." Mawu ake ndi 25 ndendende, koma zilembo ndi mipata zikuposa 200. Pa mapikiselo 60 chinatenga mizere isanu ndi itatu, n'kusefukira kunja kwa bokosi. Mizere ina inatsala yoperewera, monga wachiwiri umene unangolowa "maphunziro a usoki" chifukwa "akudziwitsidwa" sanakwane, anagwera pansi.

Apa m'pamene ambiri timafulumira kuchepetsa zilembo. Kuti chiganizocho chilowe chonse, zilembo zinayenera kutsika kufika pa 44. Pa kompyuta zimaoneka bwinobwino, koma chithunzi cha 1080 chikafika pa foni yaing'ono chimaoneka ngati chachepa katatu, poti mafoni ambiri otere amayala zinthu ngati sikirini ndi yotambalala 360. Choncho nambala iliyonse ndimaigawa ndi 3. Zilembo za 60 zimakhala 20, zomwe munthu amawerenga foni ili patali ndi nkhope. Za 48 zimakhala 16, kukula kwa zilembo za masamba ambiri a pa intaneti, ndipo kwa ine amenewo ndiwo malire otsikitsitsa. Za 44 zimatsikira pansi pa 15. Wamaso akuthwa awerenga ndithu, koma mizere isanu ndi umodzi yothithikana pa Status, imene imadutsa yokha pakapita masekondi ochepa, ndi yochuluka. Munthu ayenera kupanikiza chala pa sikirini kuti chithunzi chiime, ndipo si onse amene angavutike motero chifukwa cha chilengezo.

Chimene chinathandiza ndi kudula uthenga, zilembo n'kuzisiya pa 60. Mawu ngati "onse amene akufuna" ndi "akudziwitsidwa kuti" ndi a m'kalata ya muofesi, pa silaidi sagwira ntchito iliyonse. Ndinatsala ndi masilaidi awiri. Yoyamba inali ndi mutu waukulu wakuti "Maphunziro a usoki", ndipo pansi pake "Kalembera: Lolemba mpaka Lachisanu". Yachiwiri inabwereza mutu womwewo, pansi pake "Bwerani ndi chiphaso ndi zithunzi ziwiri". Palibe mfundo imene inatayika, ndipo uthenga uliwonse unakwana m'mizere iwiri.

Ndinayesanso kuugawa patatu, mutu paokha, masiku paokha, zobweretsa paokha, koma ndinazisiya. Kuchepetsa mawu kulinso ndi malire ake. Anthu amajambula silaidi imodzi n'kutumizira anzawo, ndipo silaidi yongonena kuti "Lolemba mpaka Lachisanu" ikafika yokha kwa munthu wina, sadziwa kuti pachitika chiyani masikuwo. Komanso kusuntha chala kulikonse ndi mpata woti wowerenga achoke. Instagram imalola masilaidi mpaka 20 pa positi imodzi, koma chilengezo cha mfundo ziwiri sichifuna masilaidi asanu. Muyeso umene ndakhazikikapo ndi wakuti silaidi ikhale ndi mfundo imodzi yomveka payokha, mizere ya uthenga isapitirire inayi, ndipo zilembo zonse zisapitirire 110 kapena 120. Pa Chichewa zimenezi zimakhala mawu ngati 14 kapena 15.

Nyenyezi yachisanu ndaichotsa chifukwa cha matempuleti a magawo awiri, aja okhala ndi chithunzi kumanzere, mawu kumanja. Polembapo pamangotsala mapikiselo ngati 450, ndiye kuti zilembo 15 pa mzere. Liwu ngati "adzatsekedwa" limadya mzere wonse lokha, ndipo chiganizo chimatsika liwu limodzilimodzi mpaka pansi. Mukayalanitsa mizere kuti ifike mbali zonse ziwiri, pakati pa mawu pamatseguka mipata ikuluikulu yosokoneza diso. Ndinathana nazo pokweza chithunzi pamwamba n'kupatsa mawu m'lifupi monse, koma imeneyo ndi ntchito imene ndinkayembekezera kuti opanga anaichita kale. Matempuleti awiri alinso ndi zilembo zowonda zokhala ngati zolemba pamanja. Chithunzi chikapanikizidwa potumiza, timizere towonda timeneti ndi timene timayamba kufufutika, makamaka tikakhala pamwamba pa chithunzi chokhala ndi zinthu zambiri. Ndinazisintha n'kuika zilembo zonenepa zopanda zokongoletsa.

Pa matempuleti a 1080 × 1920 opanga anachita bwino kwambiri. Anaika mizere yosonyeza kuti pamwamba ndi pansi pasiyidwe mapikiselo pafupifupi 250, poti pamenepo m'pamene pamakhala dzina la mwini Status ndi malo oyankhira. Chomwe muyenera kukumbukira n'chakuti kutalika kwa silaidi sikuwonjezera m'lifupi. Mzere umalowabe zilembo 30 zomwe zija, ndipo nthawi yoonekera ndi yochepa, choncho malo otsalawo ndi bwino akhale a chithunzi kapena angokhala opanda kanthu.

Musanatulutse, dzitumizireni silaidiyo pa foni yaing'ono kwambiri imene mungaipeze, muchepetse kuwala kwa sikirini, muigwire dzanja litatambasuka pang'ono. Mukaona kuti mwaibweretsa pafupi ndi maso kapena zala zayamba kufuna kukuza chithunzi, zilembo zachepa. Mukaika pa Status n'kudutsa musanafike mzere womaliza, mawu achuluka. Nambala ya kukula kwa zilembo imasiyana tanthauzo m'mapulogalamu osiyanasiyana, choncho njira yodalirika ndi kuwerenga zilembo za mzere wautali kwambiri. Zikaposa 37 pa silaidi ya 1080, mwatsika kale pansi pa malire aja a 48.

Kwa olemba zilengezo zazifupi ndi malangizo a sitepe ndi sitepe, matempuletiwa ndi oyenera kugula. Kwa amene uthenga wawo ndi ndime zathunthu zosatheka kudula, monga malamulo kapena mapangano, sawathandiza. Zoterozo ziikidwe m'mawu a pansi pa positi, pamene wowerenga amatha kuwerenga mosathamangitsidwa. Opanga ndikuwapempha kuti m'kabuku kaja alembemo malire a zilembo pambali pa malire a mawu, ndipo awonjezere tempuleti ya chithunzi pamwamba, mawu pansi.