Gombrich, Gardner kapena Honour ndi Fleming: buku liti likuika mutu wa ku Ife pa nthawi yake?

Ophunzira ndi aphunzitsi a mbiri ya zojambula ndi zosema amakonda kuyerekeza mabuku awo powerenga masamba amene aperekedwa ku Afrika, Asiya ndi Amerika wakale. Muyeso umenewu ndi wopereweza, chifukwa buku likhoza kukhala ndi zithunzi zambiri za kunja kwa Ulaya, koma n'kuziika pamalo amene akuuza wowerenga kuti anthu amenewo alibe mbiri. Njira yabwino ndiyo kutenga chinthu chimodzi n'kuchilondola m'buku lililonse, ndipo pano ndatenga mitu yachitsulo ya ku Ife, kum'mwera chakumadzulo kwa Nigeria, imene inaumbidwa cha m'zaka za pakati pa 1100 ndi 1400.

Mitu imeneyi inapangidwa mwa njira ya phula: mmisiri amaumba nkhope ndi phula pamwamba pa dongo, amaikuta ndi dongo lina, amaitenthetsa kuti phulalo lisungunuke ndi kutuluka, kenaka amathira mkuwa wosungunuka m'malo amene phula lasiya. Leo Frobenius wa ku Jeremani ataona umodzi mwa mitu imeneyi mu 1910, sanakhulupirire kuti Ayoruba, anthu a ku Ife, akanatha ntchito yotere, choncho ananena kuti ndi zotsalira za dziko la m'nthano la Atlantis. Mitu ina yambiri inafukulidwa mu 1938 pafupi ndi nyumba ya mfumu ya Ife.

Buku la Ernst Gombrich, The Story of Art, linatuluka mu 1950, ndipo pa mabuku onsewa ndi lokhalo limene munthu angaliwerenge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza osatopa. Gombrich sanabwereze bodza la Frobenius: anayamikira luso la mutu wa ku Ife, ndipo anavomera kuti palibe umboni wakuti amisiriwo anaphunzira kwa alendo. Vuto lili pa malo amene anauika. Mutuwu uli m'chaputala choyamba, pamodzi ndi zojambula za m'mapanga a ku Lascaux ndi Altamira, zimene zinajambulidwa zaka zoposa 14,000 zapitazo, komanso zosema za ku Oceania ndi Amerika wakale. Koma amisiri a ku Ife anali kugwira ntchito m'nyengo imodzi ndi amene anamanga tchalitchi chachikulu cha Chartres ku Falansa ndiponso ndi wojambula Giotto wa ku Italy, ndipo amenewa wowerenga amakumana nawo patapita machaputala angapo, aliyense ali ndi chaka chake, mzinda wake ndi amene anamutsogolera. Chinthu cha m'ma 1300 chikaikidwa pa chiyambi cha nkhani, chasanduka chitsanzo cha ubwana wa mtundu wa anthu, ngakhale mawu a pansi pa chithunzi atatchula zaka zolondola. Katswiri wa za chikhalidwe Johannes Fabian anafotokoza khalidwe limeneli mu 1983: kumana anthu ena nthawi imene iwe mwini ulimo. Chisilamu ndi China zapanikizidwa m'chaputala chimodzi, ndipo Japan ndi Afrika zimabweranso kumapeto pokhapokha pamene zikufunika kufotokoza zimene zinasonkhezera ojambula a ku Paris.

Za buku la H. W. Janson la 1962 sindichulukitsa. Poyamba linkadzitcha mbiri ya luso kuchokera pa chiyambi mpaka lero, koma makope a masiku ano ali ndi mawu akuti The Western Tradition pachikuto. Kuvomera malire kotereku n'koona mtima, ngakhale kuti Ijipiti ndi Mesopotamiya adakalimo ngati makolo a Ulaya.

Buku la Helen Gardner, Art through the Ages, lili ndi mbiri yodabwitsa. Linatuluka mu 1926 lili kale ndi luso la kunja kwa Ulaya, ndipo kope la 1948 linayesa kuyendetsa maiko onse pamodzi m'nyengo iliyonse. Gardner atamwalira, akatswiri a ku yunivesite ya Yale anakonzanso bukuli mu 1959 n'kusonkhanitsa zonse zosakhala za ku Ulaya m'gawo lakelake, zimene zikusonyeza kuti kupatula kumeneku kunasankhidwa ndi anthu, sikunabwere chifukwa cha kusowa kwa chidziwitso. Makope a masiku ano, olembedwa ndi Fred Kleiner, amagulitsidwa mitundu iwiri, wina wa dziko lonse ndi wina wa maiko a azungu okha, choncho wogula aone bwino chikuto. M'kope la dziko lonse, Ife ali m'chaputala cha Afrika chaka cha 1800 chisanafike, pamodzi ndi Igbo-Ukwu ndi Benin a ku Nigeria, Lalibela wa ku Ethiopia ndi Great Zimbabwe, ndipo chilichonse chili ndi zaka zake ndi ufumu wake. Uku n'kupita patsogolo kwenikweni. Komabe kontinenti yonse kwa zaka masauzande yapatsidwa malo ofanana ndi amene Italy yapatsidwa pa zaka 100 zokha, ndipo Ijipiti wachotsedwa mu Afrika n'kuikidwa panjira yopita ku Girisi. Chovuta china chimaonekera m'kalasi: popeza machaputala oterewa salumikizana ndi oyandikana nawo, ndi amene mphunzitsi amadumpha teremu ikafupika, ndipo nkhani ya Ulaya imayendabe popanda kusowa kanthu.

Hugh Honour ndi John Fleming, m'buku lawo la 1982, A World History of Art, anatsata nthawi m'malo motsata makontinenti, kotero kuti wowerenga amachoka ku Ulaya kupita ku India, China kapena Afrika kenaka n'kubwerera, ali m'gawo limodzi la mbiri. Pa funso la nthawi, ili ndi buku limene ndingapatse wophunzira poyamba. Malire ake ndi akuti mizere yogawa nyengozo idakali ya ku Ulaya, ndipo masamba ochuluka adakali a Ulaya. Ndi buku lolemeranso kuwerenga kuposa la Gombrich.

Pali muyeso wachiwiri umene wowerenga angaugwiritse pa kope lililonse limene ali nalo m'manja, ndiwo mawu a pansi pa chithunzi cha zinthu za ku Benin. Nthawi zambiri mawuwa amatchula chitsulo, zaka ndi nyumba yosungiramo zakale ya ku London, Berlin kapena New York. Funsani ngati akutchula kuti asilikali a ku Britain analanda mzinda wa Benin mu 1897 ndi kutenga zinthu masauzande m'nyumba ya Oba, mfumu ya Benin, ndi kuti British Museum yokha ili ndi zinthu pafupifupi 900. Funsaninso ngati akutchula gulu la amisiri a mfumu, Igun Eronmwon, limene lidakali kuumba mkuwa mpaka lero, kapena angolemba dzina la mtundu pamalo pamene chithunzi cha ku Ulaya chili ndi dzina la munthu. Kope lililonse losindikizidwa chaka cha 2022 chisanafike silingadziwe kuti Jeremani inapereka kwa Nigeria umwini wa zinthu za ku Benin zoposa 1,000, choncho mphunzitsi ayenera kuwonjezera zimenezi yekha.

Amene ali ndi ndalama za buku limodzi lokha asankhe la Honour ndi Fleming ngati akufuna kumvetsa zimene zinkachitika m'nyengo imodzi, kapena la Gardner la dziko lonse ngati akufuna zithunzi ndi mapu a m'kalasi. La Gombrich lisatayidwe, koma liwerengedwe ngati umboni wa mmene katswiri wa ku Ulaya ankaganizira mu 1950, ndipo chaputala chake choyamba chiphunzitsidwe pambali pa chaputala cha Giotto.