Ntchito ziwiri ku Zomba: ya nyumba ndi ya ndalama zokha

Mlongo wanga wapeza ntchito ziwiri. Sukulu ina yogonera komweko, kufupi ndi Domasi, ikupereka K250,000 pamwezi, nyumba ndi nkhomaliro. Ofesi ina ya m'tauni ikupereka K380,000 basi.

Tinawerengera. Akapita m'tauni, lendi ku Matawale tinaiyika pa K80,000, minibasi ndi nkhomaliro K50,000. Zotsala ndi K250,000, ndiye ukangoyang'ana zikufanana.

Koma zimasiyana pa penshoni. Lamulo limati abwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5. Ngati kalata ya kusukulu ikuwerengera penshoni pa ndalama zokha, nyumba osaiphatikiza, abwana aziika K25,000, pomwe m'tauni ndi K38,000. Nawonso a banki pobwereketsa ngongole amayang'ana zolowa mu akaunti, osati nsima ya kusukulu.

Chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi nyumbayo. Ntchito ikatha, nyumba yathanso, mwina ana ali pakati pa teremu. Ndinamuuza kuti asanasaine afunse masiku amene amapatsidwa kuti asamuke, amene amalipira magetsi ndi madzi, komanso ngati nkhomaliroyo imaphikidwa pa holide, ndipo mayankhowo alembedwe m'kalatamo.